Malangizo kwa azibambo: kupima magazi kwa PSA ndi zoyenera kucita zotsatira zikabwera

Prositeti ndi kaciwalo ka amuna kamene kali pansi pa cikhodzodzo. Kamatulutsa cinthu cochedwa PSA, ndipo ndico cimene adokotala amapima m'magazi anu. Ngati mwakwanitsa zaka 45, makamaka ngati atate anu kapena mbale wanu wa mimba imodzi anadwalapo kansa ya prositeti, kambiranani ndi adokotala za kupimitsa.

Kwa masiku 2 musanapimitse, musagone ndi mkazi ndiponso musapalase njinga mtunda wautali, cifukwa zonsezi zimakweza PSA. Ngati munali ndi matenda a m'njira ya mkodzo, dikirani masabata 6. Ngati mumamwa finasiteraidi, uzani adokotala, pakuti mankhwalawa amatsitsa PSA ndi theka ndipo angabise vuto.

Nambala ikapitirira 4 ng/mL pa cipepala canu, musathamangire kunena kuti ndi kansa. Mwa amuna 4 amene PSA yawo yakwera, pafupifupi 3 amapezeka alibe kansa. Kawirikawiri prositeti yangokula ndi ukalamba kapena yatupa. Komanso nambala yotsika sikutanthauza kuti mulibiretu kansa. Cimene cimatsimikizira ndi kucotsako tinyama ta prositeti ndi singano n'kukatiyang'ana ku labu.

Tinene kuti bambo wa zaka 62 wapezeka ndi PSA ya 6. Apimanso, ikadali pomwepo. Tinyama taonetsa kansa ya Gleason 6 pa muyeso wa ukali wa kansa, imene imakula pang'onopang'ono, ndipo sinatuluke m'prositeti. Pakuti PSA ili pansi pa 10, adokotala angawalangize bambowa kuti asacitidwe opaleshoni panopa, koma aziyang'aniridwa. Sikuti awanyalanyaza ayi. Opaleshoni ndi kuwocha ndi makina zimatha kusiya munthu akudontha mkodzo kapena atafooka mphamvu za m'nyumba, pamene kansa yotereyi mwina sikanamuvutitsa moyo wake wonse.

Kafukufuku wa ku Britain wochedwa ProtecT, amene zotsatira zake za zaka 15 zinatuluka mu 2023, anapeza kuti amuna pafupifupi 97 mwa 100 sanafe ndi kansayi, kaya anacitidwa opaleshoni, anawochedwa kapena anayang'aniridwa. Koma kwa oyang'aniridwawo, kansa inafalikira mwa anthu ocurukirapo. N'cifukwa cake tikupemphani kuti musaphonye tsiku: PSA imapimidwa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndipo pakapita nthawi amajambula ndi MRI kapena kutenganso tinyama. Gleason ikakwera kufika pa 7 kapena kansa ikakula, adokotala amakambirana nanu zoyamba cithandizo, comwe cimapezeka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Ngati mumakhala kutali moti kubwerabwera kungakuvuteni, nenani poyera musanasankhe njira yoyang'aniridwayi. Ndipo mkodzo ukatsekeka, mukaona magazi mu mkodzo, kapena msana ndi m'ciuno zikamawawa osaleka, pitani kucipatala tsiku lomwelo.