Ikwezhoni ya mzere wodutsa pa mapoyinti awiri

"Akulu, ndili Fomu 3 kuno ku Kasungu, ikwezhoni ya mzere wodutsa pa (1, 3) ndi (3, 7) ndiipeza bwanji? Nanga za palalelo ndi pependikyula zija?"

Yamba ndi giladiyenti mphwanga, m = (7 − 3)/(3 − 1) = 2. Apa samala, ukayambira poyinti yachiwiri pamwamba pansinso yambira yomweyo, ukasakaniza saini imatembenuka.

Kenako mu y = 2x + c lowetsa (1, 3), ndiye 3 = 2 + c, c = 1, basi y = 2x + 1. Yesa ndi poyinti inayo, x = 3 ikupatse 7, ikakana bwerera pa m.

Wapalalelo giladiyenti ndi yomweyo 2, umangosintha c. Wapependikyula tembenuza 2 akhale 1/2 nkusinthanso saini, m = −1/2, ukachulukitsa awiriwo azipereka −1. Ukamadutsa pa (2, 4) ndiye 4 = −1 + c, y = −x/2 + 5.

Ma x akafanana usagawe ndi ziro, mzerewo ndi woimirira, umangolemba x = nambala imeneyo.