Momwe mungamvere za ntchito isanalengezedwe, kudzera mwa omwe munaphunzira nawo

Ntchito siiyamba tsiku lomwe mwaiona pa intaneti ayi. Imayamba pomwe wina wapereka notisi kuti akuchoka, kapena pulojekiti yatsopano yapeza ndalama. Kenako bwana wa dipatimenti apemphe chilolezo cholembera munthu wina, a ofesi yolemba anthu ntchito akonze zoyenereza, malo ena amayamba alengeza kaye mkati momwemo, ndiye podzafika kwa tonsefe masabata apita. Nthawi yonseyi anthu a mkati amakhala akudziwa, ndipo inu mukufunika kumva nkhaniyi nthawi imeneyoyo.

Choyamba sankhani malo omwe mukufunadi kukagwirako, asanu kapena khumi basi, kenako mufufuze kuti kumeneko kuli ndani yemwe anadutsa sukulu yanu. Pa LinkedIn tsegulani tsamba la koleji kapena yunivesite yanu, dinani Alumni, lembani dzina la kampaniyo, akuonetsani anthu. Magulupu a WhatsApp a kalasi yanu, malekichala anu akale komanso omwe munagwira nawo ntchito kwina nawonso ndi njira.

Apa ambiri amathamangira kwa anzawo apamtima, koma mnzanu yemwe mumacheza naye tsiku ndi tsiku amamva zomwe inunso mukumva. Mark Granovetter, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, analemba za zimenezi mu 1973, kuti nkhani zatsopano ngati za ntchito zimabwera kwambiri kudzera mwa anthu ongodziwana nawo patalipatali. Ine ndimati yang'anani amene anakutsogolerani zaka zitatu mpaka zisanu. Ameneyo wakhazikika moti amamva zokambidwa mu dipatimenti, koma sanakwere kwambiri moti n'kusowa nthawi yoyankha meseji.

Chachiwiri ndi meseji yoyamba, ndipo apa ndi pomwe zimaonongekera. Musayambe ndi "mundipezereko ntchito" ndipo CV musatumize asanaipemphe. Munthuyo si amene amalemba anthu, ndiye mukamusenzetsa katundu yemwe sangamuthe amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Tiyerekeze kuti munaphunzira za akaunti ndipo mwapeza wina yemwe ali ku ofesi ya zachuma pa kampani yomwe mukuifuna. Mutha kulemba chonchi:

"Muli bwanji akulu? Ndinaphunzira za akaunti pa koleji yomwe munaphunzira inuyo, ndinali pambuyo panu zaka zitatu. Panopa ndikugwira za malipiro a antchito koma ndikufuna kulowa mbali ya odite. Mungandipatseko mphindi 15 pa foni sabata ino kapena ya mawa, ndimveko momwe inu munalowera kumeneko?"

Akavomera, mphindi 15 zikhale 15 ndithu. Funsani mafunso oti angayankhe popanda kuulula zinsinsi za kampani: kodi dipatimenti yanu ikukula? Nthawi zambiri mumalemba anthu miyezi iti, bajeti ikangovomerezedwa kapena nthawi ina iliyonse? Omaliza kulembedwa anali ndi chiyani chomwe chinawathandiza? Mwina akuuzani kuti wina asiya ntchito pakatha miyezi iwiri kupita kusukulu ndipo bwana wawo amafuna munthu wodziwa bwino Excel, makamaka PivotTable. Basi, mwapeza miyezi iwiri yoti muphunzire zimenezo ndi kukonza CV kuti zioneke pamwamba, pomwe ena adzakhala ndi masiku ochepa chabe chilengezo chikatuluka. Musanadule foni funsani ngati pali wina yemwe angakulumikizeni naye, komanso ngati kampaniyo ili ndi ndondomeko yoti wantchito atha kupereka dzina la munthu yemwe akumudziwa, poti makampani ena ali nayo.

Chachitatu, thokozani tsiku lomwelo, ndipo lembani penapake dzina, tsiku ndi zomwe anakuuzani. Pakatha mwezi kapena iwiri muwauze zomwe mwachita ndi malangizo awo, "kosi ija munanena ndamaliza". Meseji yotereyi ndi yomwe imapangitsa kuti akukumbukireni tsiku lomwe mpando wapezeka. Ngati sanayankhe meseji yoyamba, kumbutsani kamodzi pakatha sabata, akakhalabe chete asiyeni. Ndipo akangoyankha kuti "tumizani CV tiona" osafunsa china chilichonse, musaike mtima pamenepo, pitirizani ndi ena.

Dziwaninso malire ake. M'boma ndi m'mabungwe ambiri akuluakulu malamulo amafuna kuti ntchito ilengezedwe ndipo aliyense apikisane, ndiye kumva msanga kukupatsani nthawi yokonzekera chabe, kalata mudzalembabe ndipo intavyu mudzalowabe. Zomwe munthu wakuuzani mwachinsinsi, monga zoti wakutiwakuti akuchoka, musakazitchule mu kalata kapena kuziponya pa gulupu, mutha kumuika m'mavuto. Dzina lake musalitchule kwa mabwana ake asanakuloleni. Ndipo wina akati mupereke ndalama kuti dzina lanu lilowe, ngakhale atakhala wa kalasi yanu yomwe, chimenecho ndi chiphuphu kapena kuba kumene, musatumize kalikonse.