Buluu akada kwambiri, musakhulupirire nambala ya makina

Mvula ikayandikira, m'malabu oyeza dothi ndi manyowa mumadzaza timatumba. Chaka chino manyowa ndiwo achuluka, chifukwa feteleza wakwera mtengo ndipo magulu a alimi akupanga manyowa a Mbeya ndi a kompositi, nkumafuna kudziwa chomwe chili m'kati mwake. Pa zotsatira za fosiforasi zomwe zadutsa m'manja mwanga ndaona vuto limodzi likubwerezedwa. Manyowa osiyana kutalitali akutuluka ndi nambala zoyandikana, ndipo ukapempha buku la mu labu upeza kuti sipekitirofotomita, makina oyeza kuda kwa mtundu wa madzi, inawerenga 1.9, 2.1, 2.3, pamene sitandadi yaikulu, mwa madzi oyerekezera omwe fosiforasi wake ndi wodziwika kale, inathera pa 0.70. Munthu anangotenga nambala ija, nkuigawa, nkulemba pa pepala la mlimi.

Anzanga a m'malabu, nambala imeneyo si muyeso ayi.

Njira yomwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi ya Murphy ndi Riley ya m'chaka cha 1962. Fosiforasi amagwirana ndi molibudeti m'madzi a asidi, asidi wa asikobiki nkusandutsa zonsezo buluu, ndipo timawerenga pa mananomita 880. Makina saona fosiforasi. Amangoyerekeza kuwala komwe kwalowa m'kabotolo ndi komwe kwatulukira mbali inayo, nkutipatsa nambala ija imalembedwa `Abs` pa sikirini. Lamulo la Beer ndi Lambert limati nambala imeneyi imakwera mofanana ndi kuchuluka kwa chinthu chomwe chasungunuka m'madzimo:

```
A = ε × c × l
```

Zimenezi munaphunzira kusukulu. Chimene chimaiwalika nchakuti nambalayi siyenda limodzi ndi kuwala ngati masitepe ofanana. Makina akawerenga 1, pa magawo 100 a kuwala, 10 okha ndiwo adutsa. Akawerenga 2, ladutsa gawo limodzi lokha. Pa 3 ndiye kwangotsala kachigawo kamodzi pa 1,000. Choncho buluu akada, makina akuyesetsa kuyeza kuwala koti kulibe.

Ndiyeno m'makina aliwonse mumakhala kuwala kwina kosochera, kwa mtundu wosakhala umene mwasankha, komwe kumafika pa diso la makina mosatchingidwa ndi buluu uja. M'makina atsopano nkochepa zedi. M'makina okalamba, omwe magalasi ake a m'kati achita fumbi, kungafike theka la gawo limodzi pa 100. Buluu akakhala wopepuka, theka limeneli siliwerengedwa nkomwe, chifukwa kuwala koona nkochuluka. Koma kuwala koona kukatsika kufika pansi pa gawo limodzi pa 100, kosocherako kumayamba kulamulira. Makina otere sangapitirire 2.3 ngakhale mutaikamo madzi oda bii. Zili ngati sikelo yolekeza pa makilogalamu 50: mukakoleka thumba la 90, singano imakagunda kumapeto nkuima, ndipo palibe munthu wanzeru angalembe kuti thumbalo ndi la 50. Kuonjezera apo, mankhwala omwe mwathira ali ndi malire ake. Fosiforasi akachuluka mopitirira muyeso, wina amatsala wosasanduka buluu, ndiye mzere wa girafu ya masitandadi umapindika pa zifukwa ziwiri.

Tiyeni titenge manyowa awiri, a ndowe za ng'ombe ndi a zitosi za nkhuku, tiwayendetse mpaka kumapeto. Pa aliwonse tapima magalamu 0.25, tawaphika mu asidi, tadzaza kufika mamililita 50. Pamenepo tatapa mamililita 5, tathira mankhwala a mtundu, tadzazanso kufika 50. Masitandadi a tsikulo ndi 0, 0.2, 0.4, 0.6, 0.8 ndi 1.0 mamiligalamu a fosiforasi pa lita, ndipo awerenga kuyambira 0 mpaka 0.70 pa mzere wowongoka bwino. Ndiye kuti nambala iliyonse ya makina tikaigawa ndi 0.70 tipeza mamiligalamu pa lita, ndipo malinga ndi mmene tapimira, tikachulukitsa ndi 2 tipeza magalamu a fosiforasi pa kilogalamu ya manyowa.

A ng'ombe awerenga 1.89, a nkhuku 2.30. Wachangu agawa: 2.7 ndi 3.3. Achulukitsa ndi 2, nkulemba kuti a ng'ombe ali ndi magalamu 5.4 pa kilogalamu, a nkhuku 6.6. Aliyense woona pepala limenelo anena kuti manyowawa ndi pachibale.

Tsopano tibwerere ku madzi ophikidwa aja tiwasukulutse tisanathire mtundu. A ng'ombe tisukulutse kasanu, ndiye kuti gawo limodzi lidzazidwe kufika magawo asanu, a nkhuku kakhumi. Tikapanga mtundu mwatsopano, a ng'ombe awerenga 0.42, a nkhuku 0.63, onse ali m'kati mwa masitandadi.

```
0.42 / 0.70 × 5 × 2 = 6.0
0.63 / 0.70 × 10 × 2 = 18.0
```

Magalamu 6 ndi magalamu 18. A nkhuku ali ndi fosiforasi katatu kuposa a ng'ombe, koma pepala loyamba lija linati akungosiyana pang'ono. Taonaninso mmene cholakwikacho chagwera. Pa a ng'ombe taphonya ndi gawo limodzi pa khumi, zomwe wina angakhululuke. Pa a nkhuku tataya pafupifupi magawo awiri pa atatu. Manyowa abwino ndiwo amaponderezedwa kwambiri, ndipo nthawi zonse nambala imatsika, siikwera. Nchifukwa chake palibe amadabwa. Nambala ikanakhala yotuluka yaikulu modabwitsa, bwenzi wina ataima nkufunsa. Yotsika imaoneka ngati yanzeru.

Mayi wina wa kalabu ya alimi a dimba anabwera kwa ine ndi mapepala awiri otere atawapinda m'nsalu. Gulu lawo linkagula zitosi kwa woweta nkhuku pa mtengo wokwererapo, pomwe ndowe ankatola okha m'makola mwawo. Anasonkherana ndalama kuti akayezetse, aone ngati zitosizo zikuyenerera ndalamayo. Zotsatira zitabwera zofananafanana, gulu linagwirizana zosiya kugula zitosi. Mayiwo sanakhutire. Anati, "Alangizi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimaona ndi maso. Pomwe ndinathira za nkhuku chimanga chinanyamuka msanga, pomwe ndinathira ndowe zokha masamba a m'munsi ankachita kufiirira. Nanga pepalali likuti nzofanana bwanji?" Kunyamuka kwa chimanga kuli ndi zifukwa zambiri, nayitirojeni wa m'zitosi ndi chimodzi mwa izo, ndiye sindinathamangire kuweruza. Koma nditapempha kuona nambala zenizeni za makina, zonse ziwiri zinali kutali pamwamba pa sitandadi yomaliza. Mayiwo anali atalondola. Chomwe chimandiwawa nchakuti m'gulu mwawo anali atawaseka kale kuti akutsutsana ndi makina, ndipo ena mwa iwo tsopano akuti kuyezetsa nkutaya ndalama. Mlimi amene wagwiritsidwa mwala kamodzi ndi labu sabweretsanso dothi lake.

Ndikafunsa chifukwa chake, mayankho amakhala omwewo. Wina akuti muyeso wa mamililita 5 ndiwo tinaupeza, takhala tikuchita choncho kuyambira kale. Inde, koma muyeso umenewo mumaugwiritsa ntchito pa dothi la kumunda ndi masamba a mbewu, momwe fosiforasi ndi wochepa. Manyowa a nkhuku si dothi. Wina akuti kompyuta inavomera, girafu inapereka 0.999. Nambala imeneyo ikungokuuzani kuti masitandadi anu asanu ndi imodzi ali pa mzere umodzi kuyambira 0 mpaka 0.70. Za pa 2.30 siikunenapo kanthu, poti kumeneko simunayezeko. Kompyuta mukaipatsa nambala idzagawa basi, siidziwa kuti madziwo ada. Ndipo palinso aja amati mankhwala ndi odula, sitingabwereze. Mwaononga kale asidi, magetsi ndi tsiku lonse pophika, nkumaumira mamililita ochepa a mankhwala a mtundu omwe akanapulumutsa ntchito yonseyo? Za girafu ya chaka chatha yomatidwa pakhoma, yomwe ena akuwerengerabe mpaka lero, nditaziyamba sindimaliza. Asidi wa asikobiki akasungunulidwa sakhalitsa, amakonzedwa tsiku lomwelo, ndipo nyale ya makina imakalamba. Girafu ndi ya tsiku lake.

Pali njira ina yachidule yomwe ndaiona, ndipo ndi yoipa ngati kusasukulutsa komwe. Munthu waona kuti buluu wada, ndiye athira madzi m'buluu momwemo mpaka apepuke, nkuwerenganso. Musatero. Ngati mankhwala anaperewera poyamba, fosiforasi yemwe sanasanduke mtundu simumuwerengabe. Komanso madziwo amachepetsa mphamvu ya asidi, pomwe mtunduwu umadalira kuti asidi ndi molibudeti akhale pa muyeso wake. Asidi akachepa, molibudeti amatha kusanduka buluu payekha popanda fosiforasi. Kusukulutsa kumachitikira pa madzi a sampulo, mtundu nkupangidwa mwatsopano.

Chochita nchachifupi. Musanayatse nkomwe makina, ikani mabotolo anu pambali pa sitandadi yaikulu patsogolo pa pepala loyera. Lililonse loda kuposa iyo libwerere. Sukulutsani madzi a sampulo yake ndi madzi a bulanki, asidi wophikidwa popanda manyowa, kuti asidi afanane, ndipo lingani kuti nambala igwere chapakati pa girafu, osati kumapeto kwenikweni. Mukakayika, pangani ziwiri, imodzi yosukulutsidwa kawiri kuposa inzake. Yachiwiriyo iyenera kuwerenga theka la yoyamba, ndipo ikawerenga kuposa theka mudziwe kuti yoyambayo inali itapindika kale. Lembani nambala yosukulutsira pa botolo pomwepo ndi m'buku, chifukwa kuiwala kuchulukitsa ndi 10 kumakubwezerani m'dzenje lomwelo. Zopukuta kabotolo, kutchera ziro ndi bulanki ndi kudikira kuti mtundu ukhwime nthawi yofanana kwa onse, mukuzidziwa.

Inu alangizi anzanga a kumadera, mukalandira zotsatira za manyowa, pemphani kuti akulembereni nambala yomwe makina anawerenga ndi ya sitandadi yaikulu ya tsikulo. Ngati yoyambayo yaposa yachiwiri, bwezani pepalalo lisanafike kwa mlimi.