Momwe mungapemphere khoti kuti ana azikhala ndi inu banja likatha

Ukwati wanga utatha, bambo a ana ankauza aliyense kuti atenga ana onse awiri chifukwa iwo ndi apantchito pomwe ine ndimangogulitsa kaunjika. Achimwene anga nawo ankati kwathu n'kwa chikamwini, ana ndi mbumba yawo. Kukhoti zonsezi sizinagwire. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limaika patsogolo zokomera mwanayo, ndipo gawo 8 la lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limauza khoti zoti liyang'ane: msinkhu wa mwana ndi kufunika koti wamng'ono akhale ndi mayi ake, maganizo a mwanayo, komanso kuti ana apachibale ndi bwino asalekanitsidwe. Agogo kapena wachibale wina athanso kupempha.

Yambirani kwa ankhoswe. Mukagwirizana, zilembedwe. Zikakanika, sonkhanitsani mapepala: mabuku a kuchipatala a ana, ziphaso zobadwira, malipoti a kusukulu, marisiti a fizi ndi yunifolomu. Mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zomwe mnzanuyo ankatumiza, kapena mwezi womwe anasiya, musafufute.

Kenako pitani kukhoti loona za ana, kapena kukhoti la majisitireti lomwe muli nalo pafupi, mukauze akalaliki kuti mukufuna kusuma zosunga ana. Pomwepo pemphaninso za chithandizo cha pamwezi, musadzayende kawiri. Ndalama iliyonse yomwe mwalipira itulukire risiti ya boma. Panja pamakhala anyamata a mataye onena kuti amadziwana ndi abwana, muwapatse ya fanta fayilo iyende msanga. Mayi wina yemwe tinkakhala benchi imodzi anawapatsa ndalama ya mpamba wake wa tomato, mpaka lero. Ngati loya simungamukwanitse, pitani ku Legal Aid Bureau, kungoti mulawire chifukwa anthu amachuluka.

Tsono pomwe ndinapunthwa ine ndi apa. Samani itaperekedwa ndipo tonse titaonekera, khoti linalamula kuti a zachisamaliro cha anthu ayendere makomo onse awiri n'kulemba lipoti. Ine ndinkangoti abwera kudzaona ngati m'nyumba muli mosesa. Ndinakolopa, ndinabwereka mipando kwa aneba, ndinagula ndi makatani. Tsiku lomwe anabwera linali lotsegula belo, ndipo ndinali nditachoka kusanache. Anapeza mwana wanga wazaka 9 ali ndi mlongo wake wazaka 3 kumsana, akukupiza mbaula kuti aphike phala, nthawi yoti akhale ali m'kalasi. Makatani sanawayang'ane n'komwe. Anafunsa mtsikanayo kuti zimenezi zimachitika kangati, iye osadziwa kunama n'kuyankha kuti Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Anapitanso kusukulu kukaona kaundula, masiku ojomba anali omwewo.

Lipotilo litafika kukhoti ndinatuluka thukuta. Ndinali nditakonzeka kufotokoza za chibwenzi cha bambowo, ndi mayina omwe, koma amajisitireti anandidula: "Mayi, izo n'zanu akuluakulu. Mukapita kokaoda, anawa amatsala ndi ndani?" Ndinasowa chonena. Dziwani kuti funso ndi limeneli, kaya ndinu mayi kaya bambo: amawasambitsa ndani, amawaperekeza kusukulu ndani, akatentha thupi usiku amathamanga nawo ndani. Kukhala mayi wa mwana wamng'ono kumathandiza, koma si chitupa.

Ndinapempha kuti mlandu uimitsidwe kaye. Ndinakatenga mayi anga aang'ono kumudzi kuti tizikhala limodzi, ndipo anadzaima okha m'khoti kunena kuti masiku a belo ana amakhala ndi iwo. Aphunzitsi analemba kalata yoti kujomba kwatha. Ofesala uja atabweranso anapeza mtsikana ali kusukulu. Zikanakhala kuti ndinakonza izi ndisanasume, miyezi iwiri ndi ndalama za minibasi sizikanapita.

Mwana wamkulu adzafunsidwa maganizo ake, nthawi zambiri inu muli panja. Musamuloweze zonena. Mwana wazaka 9 akayamba kulankhula ngati wamkulu wokwiya, amene akumufunsayo amadziwa kuti mawuwo achokera kwa ndani.

Chigamulo chikatuluka tengani kope yokhala ndi chidindo, muone kuti masiku omwe mnzanuyo azitenga ana alembedwa momveka. Kwa ife bambo amawatenga Loweruka lina lililonse ndi theka la holide. Musawakanize kuona ana chifukwa sanatumize ndalama, bwererani kukhoti mukanene. Simunakhutire, apilo ndi ku khoti lalikulu, ndipo musachedwe nayo. Zinthu zikadzasintha, monga wina kusamukira ku Joni, khoti lomwelo litha kuunikanso.