Akuti mtengo wa katundu wanga ndi wochepa

"Ndinaitanitsa matayala ku China, invoisi ya madola 8,000. A bungwe lotolera misonkho la MRA ku Blantyre andilembera kuti mtengo wake ndi 11,000, ndiwonjezere msonkho. Nditani?"

Choyamba, onani tsiku lomaliza kuyankha lomwe lili pa kalatayo. Musalidutsitse.

Kenaka pemphani ejenti wanu wotulutsa katundu akupatseni mapepala onse amene anapereka, muwerengere nokha. Msonkho amawerengera pa mtengo wogulira kuphatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi. Ngati sitima ndi thiraki yochokera ku Beira kufika pa chipata cha Mwanza zinadya 3,000 koma sizinalembedwe, kusiyanako ndi komweko, ndipo muyenera kulipira.

Ngati zonse zinalembedwa, lemberani MRA kalata yotsutsa, mutchule nambala ya chikalata cholowetsera katundu. Muikepo invoisi, mgwirizano wanu ndi wogulitsa, komanso umboni wa kubanki. Umenewu ndiwo ndimaudalira kwambiri: ndalama zimene banki inatumiza zifanane ndi invoisi. Ngati zina munatumiza kudzera mwa mnzanu, nenani, chifukwa zikadziwika mochedwa pangabwere chindapusa.

Mukapereke nokha ku Msonkho House, likulu la MRA ku Blantyre, akudindireni kope lanu.

Ngati matayala akadali m'manja mwawo, funsani zoika ndalama ya chikole kuti atuluke nkhani ili mkati, poti ndalama zosungira zimakwera tsiku ndi tsiku.