Kucotsa Anthu Odutsa pa Cithunzi ca Mumseu ndi Photoshop

Tinene kuti mwajambula sitolo yanu mu Cairo Road ku Lusaka, koma munthu wodutsa waphimba mbali ya cipupa, ndipo ena atatu ali pafupi naye. Musayambe ndi kufufuta. Coyamba dinani Ctrl+J kuti mugwile nchito pa leya yaciwili, cithunzi coyambilila cikhale cosakhudzidwa.

Tengani Lasso, batani lake ndi L, muzungulize munthuyo pamodzi ndi mthunzi wake wa pansi. Ambili amaiwala mthunzi, ndipo umatsala pakhonde wopanda mwini wake. Musadule mothina. Pitani pa Select > Modify > Expand, muwonjezele mapikiselo 5 mpaka 10, kuti m'mphepete mwa zovala musatsale.

Tsopano tsegulani Edit > Content-Aware Fill. Mudzaona mtundu wobiliwila utaphimba mbali ya cithunzi. Pamenepo ndiye pamene pulogilamu itenga zodzazila m'malo mwa munthu uja. Mumseu wodzaza anthu vuto limayambila apa: pulogilamu sidziwa kuti mufuna cipupa, ndiye ikhoza kutenga dzanja la mai wogulitsa zipatso kapena tayala la minibasi n'kuliika pakati pa cipupa canu. Conco ndi Sampling Brush, fufutani cobiliwilaco pa anthu onse ndi pa magalimoto, cisale pa cipupa ndi pakhonde cabe. Muziyang'ana pa Preview pamene mucita izi. Zikakhala bwino, pa Output To sankhani New Layer, ndipo dinani OK, kenako Ctrl+D kuti mzele wa Lasso uja ucoke. Cotsani munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo musanayambe wina, bwelelani pa leya yaciwili ija.

Cida ca Content-Aware Fill cimalephela kawilikawili pa mizele yowongoka. Mzele wa njelwa kapena m'mphepete mwa khonde umatuluka wothyoka. Apa tengani Clone Stamp podina S. Tsegulani leya yatsopano, pa Sample ikani Current & Below, conganinso pa Aligned. Gwilani Alt, kapena Option ngati muli pa Mac, ndipo dinani pamwamba penipeni pa mzele umene uli bwino. Kenako ikani bulashi pamene mzelewo wathyokela, muulumikize coyamba musanapake. Tengani pafupi, cifukwa cipupa ca padzuwa sicingagwilizane ndi ca mumthunzi, ndipo njelwa za kutali zimaoneka zazing'ono.

Sinthani potengela pafupipafupi. Mukapanda kutelo, ng'alu imodzi kapena banga limodzi lidzaoneka kawili kapena katatu motsatizana, ndipo aliyense adzadziwa kuti cithunzi cinakonzedwa. Dinani Ctrl+1 kuti muone cithunzi pa 100%, mufufuze zobwelezabweleza ndi malo osaoneka bwino.

Ngati munthuyo anaphimba zilembo za cikwangwani, zida ziwilizi sizingazibweze, pakuti zimangokopa zimene zilipo kale. Pojambula, imani pamalo amodzi, mutenge zithunzi zitatu kapena zinai pamene anthu akusuntha. Zilembo zobisika pa cimodzi mudzazipeza pa cina.