Kukongoletsa wodi pa Khirisimasi osabweretsamo matenda

Kwa amene mukukonza zokasangalatsa odwala m'zipatala za ku Mulanje ndi ku Thyolo, yambani mwaonana ndi namwino wamkulu wa wodi, akuuzeni nthawi yabwino komanso bedi losayenera kuyandikira.

Maluwa a m'botolo asiyeni kunyumba. Kuno Disembala ndi mvula ndi chifundi, madzi a m'botolo sachedwa kununkha ndi kuswa majeremusi, ndiye wina akhoza kuwataya n'kukagwira wodwala osasamba m'manja. Nthambi za mkungudza nazo ayi, zimayoyoka ndiponso zimabwera ndi fumbi ndi tizirombo.

M'malo mwake dulani nyenyezi ndi maluwa pa pulasitiki wolimba wamitundumitundu, woti n'kupukutika. Muviike kansalu m'madzi a kolorini amene oyeretsa amapukutira pamalo, mupukute chilichonse, chiume kaye musanamate. Zapepala zimayamwa chinyontho n'kuchita nkhungu. Mukaona timadontho takuda kapena zayamba kupindika, chotsani tsiku lomwelo. Matani pakhoma pamwamba, kutali ndi sinki, dilipi ndi maneti. Pafupi ndi okosijeni pasakhale kandulo, ngakhale timagetsi tothwanima.

Kwaya ikhale ya anthu asanu basi, yopanda ng'oma kapena sipika, iyimbire pakhonde mphindi 10 madokotala atamaliza kuyendera odwala. Wa chifuwa kapena chimfine atsale.